Mbiri ya Agogo Pakamwa pa Mdzukulu

Ana inu, masiku ano mukapita pamaliro a munthu wachikulire, imafika nthawi imene woyendetsa mwambo amakweza chinkuzamawu nati, “Tsopano timve mbiri ya malemu,” ndipo pakati pa anamfedwa pamadzuka mnyamata kapena mtsikana, pepala lili m'manja, maondo akuwombana. Gulu lonse limati zii, ngakhale amayi otakasa nsima kuseri amayamba aimika mithiko, ndipo maso a mudzi wonse amagwera pa mwana mmodzi amene usiku wathawo sanagone, sanadye, ndipo pakhosi pake pali kale chinthu chimene chikukana kutsika. Ife amvulazakale tikaona zimenezi timanyadira kuti mwana waphunzira, koma mumtima timamumvera chisoni, chifukwa katundu amene wamusenzayu kale ankagawidwa pamitu yambiri, ndipo mutu wa mdzukulu sunkawerengedwa n'komwe.

Kwathu kumbali za ku Lirangwe, pamene ine ndinali mnyamata woweta mbuzi, munthu akatsikira kulichete panalibe pepala, panalibe cholembera, komabe palibe amene ankachoka pamaliro osadziwa kuti wagonayo anali munthu wotani. Mwini mbumba ankatuma mthenga kwa amfumu, amfumu n'kuloleza kuti maliro alirike, anyamata n'kugwetsa masamba panjira kuti wapanjinga atsike ndipo wachipewa avule. Zikatero m'nyumba ya siwa munkabuka mfuu, ndipo mukanatchera khutu bwino mukanamva kuti amayiwo sankangobuma chabe, ankalankhula. Wina ankalira nati, “Mayi ine, ndani adzandisungira mbewu ya nandolo?” Wina ankalowa pakhomo akuchokera kutali, chitenje chili m'chiuno, akudandaula kuti amene anamuchiritsira mwana wake usiku wa mvula wapita. Wina ankakumbutsa za mtondo umene ankabwereka osabweza msanga, mwini wake osakwiya. Pofika m'bandakucha, moyo wonse wa malemu unali utanenedwa, chidutswa apa, chidutswa apo, ndipo wonse unkanenedwa ndi anthu amene misozi ili mbwembwembwe. Kulira ndi kunena zinali ntchito imodzi, ndipo palibe amene ankachita manyazi kuti mawu ake aduka.

Kunja, pamoto wa abambo, utsi wa chitsa chachiwisi ukuwawa m'maso, madoda ankakumbutsana za chaka cha dzombe, za milandu imene malemu anathetsa, za munda umene anaswa mphanje. Ndiye panali adzukulu, osati ana a ana ake ayi, koma aja a mbumba ina amene ntchito yawo ndi kusambitsa thupi, kukumba manda ndi kunyamula chithatha. Amenewa anali ndi ufulu umene wina aliyense analibe. Mayi wina mwa iwo ankatha kumanga duku mmene ankamangira malemu, kutenga ndodo yawo, n'kumayenda motsimphina monga ankayendera, akukalipira nkhuku ndi mawu awo enieni, mpaka anamfedwa amene maso atupa ankapezeka aseka osafuna. Pamene pankafunika mawu a pagulu, ankaimirira ndi mwini mbumba kapena nkhoswe, n'kufotokoza mwachidule mmene matenda anayambira ndi kumene anathamangira nawo, amfumu n'kutsekera. Amene imfa yawalasa kwambiri ankakhala pamphasa, anzawo atawamanga nsalu m'mimba ndi kuwagwira mapewa. Ife ana tinkatsekeredwa m'nyumba maliro akamadutsa, ndipo ukafunsa kumene agogo apita ankangoti apita ulendo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo moto wa tsiku limenelo sunkaloledwa kufika pa ana.

Pepala linabwera ndi tchalitchi ndi sukulu. Poyamba ankawerenga ndi mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi wa m'mudzi, munthu wapadera amene ankadziwa malemu koma sanayamwe bere lawo, ndipo ine pokhala mphunzitsi ndinawerengapo mbiri za anthu ambiri maso anga ali gwa. Kenaka ana anayamba kuphunzira, mabanja n'kumafuna kuti mbiri ituluke pakamwa pa magazi awo. Koma pali chinanso chimene chinasintha zinthu, chimene enanu munabadwira m'kati mwake. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, Edzi inakolola anthu a msinkhu wapakati, ndipo ana ambirimbiri anakulira pakhonde la agogo awo. Choncho mdzukulu amene mukumuona ataima ndi pepala uja, kawirikawiri sakuika agogo okha. Akuika amene anamusambitsa, kumulipirira sukulu ndi kumudikira pakhomo akachedwa. Tikumupempha kuti anene ndi mawu osagwedera zimene makolo athu ankazinena akubuma. Mantha ake si ufooko, ndipo sathetsedwa ndi kumuuza kuti limba mtima. Amachepa pokhapokha tikakonza pepalalo, ndi kukonza anthu omuzungulira.

Ndinaziona bwino zimenezi pamene achemwali anga aakulu anatisiya. Banja linasankha mdzukulu wawo wamkazi, amene anamulera kuyambira ali wosavala mayi ake atamwalira, ndipo tsopano anali atamaliza maphunziro a unamwino. Usiku wa siwa, amayi a Mvano akuimba m'nyumba, mtsikanayo anatuma kamnyamata kudzandiitana pamoto, ndipo tinakakhala pakhonde la nyumba yoyandikana. Anati, “Agogo, ine mawa sinditha. Ndikangoyamba, mawu akuthawa.” Ndinamuuza kuti andiwerengere. Anali atalemba pafoni, nkhani yaitali yokwana masamba anayi a m'kope, yokoma ndithu, ndipo mzere woyamba unkati: “Agogo anga okondedwa, mwandisiyira yani?” Sanafike kumapeto kwa mzerewo.

Ndinamusiya alire mpaka mpweya unabwerera, kenaka ndinati, “Mdzukulu wanga, chimene walembachi si mbiri, ndi kubuma, ndipo n'chabwino. Ukachinene m'nyumbamo, pambali pa bokosi, pakati pa amayi anzako. Koma cha mawa tilembe china.” Apa ndi pamene pagona nkhani yoyamba. Mawu olankhula ndi malemu mwachindunji, aja oti “inu agogo,” “munandiuza,” “mwapita,” amamuika wowerenga maso ndi maso ndi wakufayo, ndipo palibe mwana amene angaime nthawi yaitali pamenepo. Mawu olankhula kwa anthu, oti “malemu anabadwa,” “mayi athuwa anakwatiwa,” amamutembenuza kuti ayang'ane gulu, n'kukhala ngati mthenga amene watumidwa kukapereka uthenga. Kandimverere anakanena za m'maluwa, koma mthenga amene wapatsidwa mawu olongosoka amakafika nawo, ngakhale mtima wake ukuwawa. Tinagwirizana kuti pafupifupi pepala lonse likhale la “malemu,” ndipo liwu loti “agogo anga” lisungidwe, lidzatuluke kumapeto kokha.

Tisanalembe tinayamba tafunsa, pakuti safunsa anadya phula. Chitupa cha unzika chimene achemwali anajambulitsa mu 2017 chinali ndi chaka chongoyerekeza, monga zilili ndi ambiri a msinkhu wawo amene anabadwira m'nyumba, mzamba ali mayi wa m'mudzi. Iwo eni ankati njala ya 1949 inawapeza akutha kubereka mwana kumbuyo ndi kusenza kamtsuko kuchokera kudambo, ndipo ankakumbukira kulondola amayi athu kutchire kukakumba mizu, ndi fungo la phala la gaga. Mtsikana wotha zimenezo amakhala wa zaka 7 kapena 8, choncho tinalemba kuti anabadwa cha m'ma 1941, ndipo liwu loti “cha m'ma” tinalisiya dala, chifukwa kunama tsiku pamaso pa anzawo amene anavinidwa nawo limodzi n'kudziputira manong'onong'o. Za ukwati tinawerengera pa ulendo wa alamu anga ku Joni kudzera ku Wenela, ndi kubwerako kwawo boma litaletsa maulendowo kutsatira ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974. Chaka chimene analowa Mvano tinakafunsa kwa amayi anzawo m'nyumba muja, ndipo anatiuza mosachedwa, n'kuwonjezapo maudindo amene ife abale sitinkawadziwa.

Powerenga ana ndi zidzukulu m'pamene pamafunika kudekha kwenikweni, ana inu. Ndaonapo maliro abwinobwino akusanduka bwalo la milandu chifukwa choti wowerenga anadumpha mwana mmodzi, kapena anawerenga a bambo mmodzi n'kuiwala a bambo woyamba. Tinaitana mwana wamkulu wa malemu ndi mayi wina wachikulire wa m'banjamo, n'kuyamba kutchula nyumba ndi nyumba, tikupinda zala, osaiwala amene ali ku Joni ndi amene anatsogola. Tinapeza ana 8, amoyo 5, zidzukulu 23 ndi zidzukulutudzi 9. Kufunsa kumeneku kuli ndi phindu lina lobisika: wowerenga akadziwa kuti chilichonse chili papepalapo chavomerezedwa ndi akuluakulu, mantha ake amatsala amodzi okha, oopa kulira, pamene aja oopa kulakwitsa achoka. Mantha awiri akaphatikizana ndi amene amagwetsa munthu.

Kenaka tinasanja. Zimene mudzi uyenera kumva zivute zitani tinaziika patsogolo: dzina ndi mfunda, kumene anabadwira, makolo awo, ukwati, ana, mpingo, ndi mawu othokoza amfumu, ampingo, adzukulu okumba manda ndi onse amene anadwazika. Inde, kuthokoza tinakuchotsa kumapeto kumene anthu amakonda kukuika, n'kukukokera pakati, chifukwa mwana akaduka mawu asanathokoze amfumu, banja limatsala ndi ngongole. Za matenda, popeza iye ndi amene anagona pansi m'chipatala pambali pa bedi lawo, ndinamulanda. Ndinati zimenezo ndidzanena ndine monga mwini mbumba, monga zinkakhalira kale, ndipo papepala lake panangotsala mzere umodzi wa tsiku limene anamwalira. Kumapeto kwenikweni tinasiya malo a nkhani imodzi yokha ya mumtima mwake. Mwa njira imeneyi, misozi ikabwera pamene imayenera kubwera, imapeza ntchito yatha kale.

Masamba anayi aja anasanduka tsamba limodzi ndi theka, zowerengeka m'mphindi zitatu kapena zinayi. Iye anadandaula kuti agogo ake sangakwane m'kapepala kotere, ndipo ankanena zoona, koma ndinamukumbutsa kuti pambuyo pake pali olankhula a kuchimuna, owerenga chipepeso, amfumu ndi ulaliki wa abusa, anthu ali padzuwa, ndipo adzukulu kumanda akudikira kuti amalize ntchito kusanade. Komanso mphamvu ya munthu wachisoni ili ndi malire. Mphindi iliyonse yowonjezera ndi mpata wina wogwera. Pankhani imodzi ija anafuna kunena kuti agogo anali achikondi, opemphera, olimbikira ntchito, odana ndi miseche. Ndinati mawu amenewo amanenedwa pamaliro a aliyense, ngakhale a munthu amene ankamana ana mango. “Tandiuza chimene ukatseka maso ukuchiona.” Anakhala kaye duu, kenaka anandiuza za m'mawa umene ankapita kusukulu yogonera komweko koyamba: achemwali anamuperekeza mpaka pamsewu, atasenza kathumba ka chigumu ndi mtedza wokazinga, ndipo basi itaonekera anagwira ngodya ya chitenje, pamene panali mfundo yolimba yakuda ndi thukuta, n'kuimasula ndi mano chifukwa zala zinali zitauma ndi khasu. Munali ndalama zopindapinda za tomato wa kudimba, zofewa ngati nsalu, ndipo anamufumbatitsa zonse osasiyako ngakhale ya mchere. Ndinati, “Lemba chimenecho, m'ziganizo zinayi zazifupi, basi.”

Tinachotsa pafoni n'kulemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu, chiganizo chilichonse pamzere wakewake, n'kumadumpha mzere. Foni imazima pamene ukupuma, padzuwa la masana sioneka, ndipo chala chonjenjemera chikaikhudza mawu amathawira kumwamba. Maso akadzaza misozi zilembo zing'onozing'ono zimasungunuka, koma zazikulu zimaonekabe, ndipo chala chachikulu chikamatsika ndi mzere umene ukuwerenga, ukadukiza umadziwa pobwerera. Tinalemba mapepala awiri ofanana, ndipo lake tinalimata pachikuto cha kope kuti lisamapepheruke, pakuti pepala lopyapyala limaulula kunjenjemera kwa dzanja, mwini wake akaona n'kuyamba kunjenjemera koposa.

Ndiye ndinamuuza kuti aimirire awerenge mokweza, osati chamumtima. Ambiri amalakwa pamenepa: amabisa pepala mpaka nthawi yake poopa kudzipweteka, ndiye mawuwo amakawamva koyamba ndi makutu awo pamaso pa gulu. Chiganizo chimene maso amachidutsa bwinobwino chimatha kukutsamwitsa chikadutsa pakamwa. Ndinkayembekeza kuti akagwa pa mfundo ya chitenje, koma anagwa kutali asanafikeko, pamzere wouma wa manambala: “Anabereka ana 8, amoyo ndi 5.” Pa atatu osatchulidwawo panali mayi ake. Tikanapanda kuyesa usiku umenewo, dzenje limeneli likanamudikira pakati penipeni pa mbiri. Tinaika kamtanda ndi cholembera patsogolo pa mzerewo, ndi kena patsogolo pa nkhani ya chitenje, kuti akafika pamenepo aime, atulutse mpweya, kenaka awoloke. Anabwereza mpaka mizere imeneyo inayamba kudutsa, osati mosapweteka, koma modziwika. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za thupi ndinamuuza zochepa, ndipo iye monga namwino ankazidziwa kuposa ine, kungoti za iwe mwini umaiwala. Kulira sikugwa mwadzidzidzi, kumatuma zizindikiro: pakhosi pamauma ndi kutupa, liwu limayamba kuonda n'kukwera, chibwano chimagwedera, ndipo munthu amayamba kuthamanga kuti amalize msanga. Kuthamangako ndi kumene kumamupereka, chifukwa mpweya umamuthera pakati pa chiganizo, akati akoke wina n'kusanduka kusisima. Mankhwala ake ndi kuima pa chizindikiro choyamba, kutulutsa mpweya wonse pang'onopang'ono, kumeza malovu kapena kumwako madzi, ndi kuyamba chiganizo chotsatira ndi liwu lotsika. Kwa wowerenga, kuima koteroko kumaoneka ngati chaka, koma kwa omvera ndi ulemu chabe. Ndinamuuzanso kuti m'mawa amwe phala kapena thobwa ngakhale pakamwa pakukana, chifukwa njala, tulo ndi dzuwa zikakumana munthu amachita chizungulire, ndipo aime miyendo yotalikirana pang'ono, maondo osaumitsa. Maso asawaponye pabokosi kapena pamphasa ya anamfedwa. Akafuna kudzutsa mutu, ayang'ane mtengo wa mango umene uli kumbuyo kwa gulu.

Chotsiriza, chimene kwa ine ndi chachikulu kuposa zonse, chinali kumubwezera anthu. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Tinapempha msuweni wake, mnyamata wodekha amene anakulira kutauni ndipo agogowa ankangowaona patchuthi, kuti adzaime pambali pake ndi pepala lachiwiri, akutsatira ndi chala. Pangano linali lakuti mtsikanayo akangomukhudza mkono, iye apitirize pamene paimidwa, popanda kupepesa kapena kufotokoza. Tinauza woyendetsa mwambo kuti asadzathamangire kulanda chinkuzamawu. Kenaka ndinapita pakhomo la siwa n'kupempha mtsogoleri wa amayi a Mvano kuti mwana akadzakhala chete nthawi yotalikirapo, adzayambitse ndime imodzi ya nyimbo imene malemu ankaikonda. Mayiwo anandiyang'ana ngati ndawanyoza, nati, “Abambo, zimenezo n'zochita kutiuza? Ntchito yathu ndi yomweyo.” Ndinabwerera kumoto ndikuseka ndekha, pozindikira kuti zakale zija sizinathe zonse.

Mawa lake, titaona nkhope ndipo bokosi litatulutsidwa pabwalo, amayi a zoyera atalizungulira, dzina lake linaitanidwa. Anayamba ndi liwu laling'ono, koma mizere ya “malemu anabadwa” inamunyamula, ndipo pofika pa za njala ya 1949 ndinaona agogo ena akugwedeza mitu. Pa kamtanda koyamba anaima, mapewa anakwera n'kutsika, ndipo anawoloka. Anathokoza amfumu, anathokoza ampingo, anathokoza adzukulu. Kenaka anati, “Agogo anga, tsiku limene ndinkapita kusukulu,” n'kufika pa mfundo ija, pa mano aja, ndipo mawu anathera pomwepo. Sanakhudze mkono wa msuweni wake. Anangoima, misozi ikugwera pachikuto cha kope, ndipo kusanapite nthawi liwu limodzi lokalamba linadzuka pakati pa amayi, ena n'kulandira, mpaka bwalo lonse linalowa m'nyimbo. Mayi wina anadzuka n'kudzamumanga chitenje m'chiuno monga ankachitira makolo. Ndime itatha, iye anapukuta maso ndi nsonga ya chitenjecho, n'kumaliza yekha ziganizo ziwiri zimene zinatsala, ndi liwu losweka koma lomveka mpaka kwa ophika.

Madzulo, titabwerako kumanda ndipo tasamba m'manja, anabwera kudzandipepesa kuti walephera. Ndinamufunsa ngati pali mwana wa malemu amene sanawerengedwe, ngati amfumu sanathokozedwe, ngati pali bodza limene lanenedwa. Anati ayi. Ndinati ndiye kulephera kwake kuli pati? Mbiri imalephera ikanama, ikadumpha munthu, ikatalika mpaka anthu kuyamba kucheza zawo, kapena wowerenga akaigwiritsa ntchito kulasa abale amene sanabwere kudzadwazika. Misozi siili pamndandanda umenewo. Amayi amene ankabwerera kwawo madzulo amenewo, mapoto ali pamutu, sankakamba za chaka chobadwa kapena chiwerengero cha zidzukulu. Ankakamba za mfundo ya chitenje, aliyense akukumbukira ya amayi ake.

Sindikunena kuti mwana aliyense ayenera kuimirira. Pali ena amene poyesa usiku sadutsa ngakhale mizere youma ija, ena imfa yawapeza mwadzidzidzi, ena ndi aang'ono kwambiri. Oterowo alembe, wina awawerengere, iwo ataima pambali kapena atakhala pamphasa, ndipo woyendetsa mwambo anene kuti mawuwa alemba ndi mdzukulu wakuti. Ulemu wake suchepa. Chimene ndimadana nacho ndi chizolowezi chimene chafala, chosankha mwana m'mawa wa tsiku loika chifukwa choti ndiye wafika ndi galimoto kapena amatha Chingerezi, kumuponyera pepala lolembedwa mothamanga, n'kumusiya yekha pakati pa bwalo, akuluakulu atapinda manja kudikira kuona ngati alimbe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo makolo athu amene sankadziwa ngakhale kulemba dzina lawo sakanalola zoterozo.

Choncho inu anzanga a imvi, mwana akasankhidwa kuti awerenge mbiri, dzukani pamoto paja mukakhale naye pakhonde, mumuuze zaka, mupinde naye zala, mumvere pamene akutsamwa, ndipo za matenda munene ndinu. Inu amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a mabungwe ena onse, nyimbo ikhale pafupi. Ndipo inu adzukulu anga, popeza tsiku langa nalonso silili kutali, ndanena kale kwathu kuti wowerenga mbiri yanga asadzapitirire mphindi zinayi, asadzandipatse ukoma umene ndinalibe, pakuti anzanga a pabawo adzakhala pomwepo ndipo amandidziwa, ndipo asadzaime yekha. Zikakwanira zitatuzi, kulira alire mmene angafunire, pakuti maliro n'kulirana.